Mwendo umodzi ukatupa mutatsika basi ya ku Joni, musauthowe

Wochokera ku Joni akatsika pa Nkhamenya amakhala atapinda miyendo pafupifupi masiku awiri: Beitbridge, Nyamapanda, Tete, kenako M1 kudzera ku Kasungu. Kutupa mapazi onse awiri paulendo wotere n'kwachizolowezi, ndipo kumaphwa munthu akagona atakweza miyendo. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi katumba wa mwendo umodzi amene amayamba kulemera ndi kuwawa patapita masiku, nthawi zina masabata, achibale n'kumati ndi kutopa chabe, bwerani tikuthoweni.

Magazi a m'miyendo amabwerera kumtima chifukwa katumba amafinya mitsempha tikamayenda. Tikakhala malo amodzi kupitirira maola 4, kapena tikagona pamphasa masiku 3 kapena kuposa chifukwa cha matenda, magaziwo amadikha ngati madzi a mu ngalande yotsekeka, ndipo amatha kuundana mumtsempha wa mkati. Achipatala amati DVT. Kuopsa kwake n'kwakuti chibuluma chija chikhoza kunyotsoka, kuyenda ndi magazi mpaka kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Munthu amene m'mawa amadandaula mwendo, madzulo akhoza kumwalira.

Nanga tisiyanitsa bwanji ndi mnofu wokokeka? Funso loyamba ndi lakuti ululu unayamba liti. Mnyamata amene wakokeka mnofu ponyamula belo la fodya kapena pampira amakuuzani mphindi yake yeniyeni: anamva ngati wina wamugenda kumbuyo kwa mwendo. Amaloza malowo ndi chala chimodzi, ululu umakula akaima chonyang'ama, akapumula umachepa, ndipo tsiku lililonse amapezako bwino. Wa magazi oundana sakumbukira kuti anavulala. Ululu wake umabwera pang'onopang'ono, mwendo umalemera ndi kukungika, ngakhale akhale pansi sukuleka, ndipo mawa lake umaposa dzulo.

Tiyerekeze bambo wazaka 45 amene wafika Lachiwiri, ndipo Lachisanu akutsimphina mwendo wamanzere. Bwerekani tepi kwa telala. Pansi pa bondo, kutsogolo, pali kafupa kotukuka. Kuchokera pamenepo tsikani masentimita 10, zungulizani tepi, ndipo chitani chimodzimodzi mwendo winawo. Wamanja wapezeka 36, wamanzere 40. Kusiyana kopitirira masentimita 3 madokotala amakuwerengera ngati chizindikiro. Gwirani ndi kuseri kwa dzanja: wotupawo ukutentherapo. Dinikizani chala pamsongolo n'kuchotsa: patsala polowa. Bambo ameneyu apite kuchipatala tsiku lomwelo, asadikire Lolemba.

Koma tepi payokha siikwanira. Magazi amatha kuundana mwendo osatupa kwambiri, choncho mbiri ya wodwala imalemera kuposa muyezo. Mayi woyembekezera, kapena amene wachira m'masabata 6 apitawa, makamaka ngati anachitidwa opareshoni, ali pachiopsezo chachikulu. N'chimodzimodzi amene akudwala TB kapena khansa, amene ali ndi HIV, ndi mayi amene akumwa mapiritsi olera okhala ndi esitirojeni. Kwa anthu otere, katumba mmodzi wowawa popanda kuvulala ndi chifukwa chokwanira.

Apa ndipamene chifundo chathu chimatipweteketsa. Kuthowa ndi kusisita mwamphamvu timakuchita mwachikondi, koma mwendo umene tikuukayikira usakandidwe. Mphini nazo ayi: sizifika pamtsempha wotsekekawo, zimangosiya zilonda zimene zidzavuta kuleka magazi wodwala akayamba mankhwala. Panado amangophimba ululu, ndipo asipirini payekha sachiza vutoli.

Yambani pachipatala cha mishoni cha Nkhamenya kapena chachikulu cha boma ku Kasungu, ndipo nenani momveka: ndayenda masiku awiri m'basi, mwendo umodzi watupa, ndikuopa magazi oundana. Chotsimikizira ndi sikani ya mitsempha. Ngati palibe pomwe mwafikapo, pemphani kalata yokutumizani, kaya ku Kamuzu Central ku Lilongwe kaya ku Mzuzu Central. Akapeza magazi oundana, amapereka mankhwala oletsa magazi kuundana, monga jakisoni wa heparini ndi mapiritsi a wafarini, kwa miyezi yosachepera 3. Wafarini amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, sayenera mayi woyembekezera, ndipo mankhwala a TB amamuchepetsa mphamvu, choncho onetsani adokotala buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa.

Wodwalayo akangoyamba kubanika mwadzidzidzi, kumva kubaya pachifuwa popuma, mtima kuthamanga, kutsokomola magazi kapena kukomoka, musamuyendetse wapansi. Pezani galimoto nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Kwa amene mukukonzekera ulendo: basi ikaima pachipata kapena pothira mafuta, tsikani muyendeyende. Muli pampando, kwezani ndi kutsitsa zidendene kangapo ola lililonse. Ambiri amadzimana madzi poopa kuvutika ndi mkodzo m'njira, koma inu imwani ndithu. Ndipo wodwala amene ali gone kunyumba, mudzutseni ayende pang'ono tsiku lililonse ngati angathe, kapena azipinda ndi kuwongola mapazi ali chigonere.