Chigamba chosayabwa chija, tachiyesani ndi thonje

Kwathu ku Kasiya matenda a pakhungu timawayeza ndi kuyabwa. Mphere zikagwira mwana nyumba yonse sigona, chipere chikatuluka m'mutu mayi amathamangira mankhwala opaka. Koma chigamba chotuwa pamsana kapena pantchafu, chosayabwa, chosapweteka, timangoti ndi zikanga, zitha zokha. Ine ndikuti chigamba chachete chotere ndicho choyenera kutidetsa nkhawa kuposa zinazo, chifukwa khate limayamba choncho.

Anzanga ambiri pasukulu pano amadabwa ndikatchula khate. Amati linatha. M'chaka cha 1994 Malawi anafikadi pa mlingo umene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika, woti odwala asafike mmodzi pa anthu 10,000 alionse. Kumeneko ndi kuchepa, si kutha. Kachilombo kake kamachulukana pang'onopang'ono kwambiri, moti munthu amatha zaka zisanu, ena mpaka makumi awiri, asanaone chizindikiro. Matenda otere sachoka m'dziko chifukwa choti kwalengezedwa.

Kusiyanitsa khate ndi zikanga sikufuna makina. Pezani kathonje, kapoteni nsonga. Munthuyo ayambe waona mukumukhudza pakhungu labwino, aloze ndi chala pamene mwakhudza. Kenako atsinzine. Khudzani pakhungu labwino, khudzaninso pakati pa chigambacho, mosinthasintha. Wa zikanga kapena chipere amamva ponseponse. Ngati akumva m'mbali koma pachigamba akungokhala duu, apite kuchipatala sabata yomweyo. Kawirikawiri chigamba cha khate sichituluka thukuta, ndipo ubweya wake umathothoka. Koma kumva thonje sikutsimikizira kuti munthu alibe khate: mtundu wina umabwera ndi zigamba zambiri zosaoneka bwino zimene poyamba zimamvabe. Chigamba chokhalitsa, chosamva mankhwala opaka, akachione achipatala basi.

Dzanzi la pachigambapo likutiuza kuti kachilomboka kafika kale m'mitsempha yomvera. Apa ndi pamene pagona nkhani ya kulumala. Tiyerekeze mlimi wa fodya wa zaka 30 amene ali ndi zigamba zitatu pamsana. Akapita lero ku Kabudula kapena ku St Gabriel's ku Namitete, amuyeza zigambazo, amugwira mtsempha wa pachigongono ndi wa kuseri kwa bondo kuona ngati watupa, ndipo akafunika kuonedwanso amutumiza kwa oona za khungu. Zigamba zosapitirira zisanu, mitsempha isanakhudzidwe, mankhwala ake ndi a miyezi 6. Zikapitirira zisanu, kapena mtsempha ukakhudzidwa, ndi miyezi 12. Mankhwalawo ndi rifampisini, dapusoni ndi kulofazimini, ndipo WHO yakhala ikuwapereka ulere kuyambira 1995. Akangoyamba kumwa amasiya kupatsira ena.

Mlimi yemweyo akadikira zaka zitatu, mtsempha wa pachigongono uja umafa. Chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho zimachita dzanzi, kenako zimapindika. Khasu limamutulutsa matuza, iye osamva, n'kumalimabe. Akamaotha moto amapsa osadziwa. Munga ukamubaya kuphazi amayenda nawo tsiku lonse, chilonda n'kulowa mpaka kufupa. Zala za akhate sizithothoka ngati mmene tinkauzidwira tili ana. Zimatha pang'onopang'ono ndi zilonda zimene mwiniwake sanazimve. Mankhwala aja adzaphabe kachilomboka, koma mtsempha umene unafa kalekale sadzaudzutsa. Kufooka kapena dzanzi la miyezi yosapitirira 6 ndilo madokotala amatha kulibweza ndi mankhwala ochepetsa kutupa kwa mitsempha.

Wina anganene kuti ndikuopseza anthu, poti zigamba zambiri zotuwa si khate. N'zoona, zambiri si khate. Koma kuyesako mtengo wake ndi kathonje ndi mphindi ziwiri. Chimene ndimachiona chovuta kwenikweni ndi manyazi. Mawu oti wakhate akadali chipongwe pakati pathu, ndipo kutchalitchi timawamva nthawi zonse pamodzi ndi kudetsedwa. Ndani angavule malaya n'kuonetsa chigamba kwa mlangizi wa zaumoyo amene amapemphera naye limodzi? Chonsecho khate silifala mwa kupatsana moni kapena kudyera mbale imodzi. Limafuna kukhala pafupi kwa miyezi yambiri ndi munthu amene sanayambe mankhwala, ndipo anthu ambiri matupi awo amalikana okha.

Chinanso chimene achibale ayenera kudziwa n'choti rifampisini amafiiritsa mkodzo, kulofazimini amadetsa khungu kwa kanthawi, ndipo nthawi zina zigamba zimatupa munthu ali pakati pa mankhwala. Ena amasiyira pomwepo poganiza kuti mankhwala awakana. Kutupako, makamaka kukabwera ndi ululu pachigongono kapena diso lolephera kutsinzina, kumafuna kubwerera kuchipatala tsiku lomwelo, mankhwala osasiya. A m'nyumba mwake nawonso akayezedwe khungu, msana womwe, poti pamsana munthu sadziona yekha.