Mukaonetsa Malipilo, Onetsankoni na Lendi

Abale athu amene muli ku Mangalande, mavidiyo yanu timayapenya. Timaona chipale chofewa pakhomo, basi imene imabwela pa nthawi yake, yunifomu ya ku nyumba yosamalilamo okalamba. Timakondwela kuona kuti muli moyo. Koma pali mtundu umodzi wa vidiyo umene tatopa nawo: uja wakuti "onani ndalama zimene nilandila pa mwezi", pamene mumachula nambala ikulu, n'kuisintha m'makwacha, vidiyo n'kuthela pamenepo. Nambalayo ingakhale yoona, koma chimene chimatsala m'mutu wa woonela ni boza.

Tiyeni tiwelengele pamodzi. Tinene kuti wosamalila okalamba alandila mapaundi 25,000 pa chaka. Pa mwezi ni 2,083. Tiyelekeze kuti paundi ili pa K30, ndiye kuti ndalamayi yapita pa K62,000. Mnyamata wa ku Kanyama akamva nambala iyi pa TikTok, tulo samatuonanso.

Manje onani zimene vidiyo siinakambe. Ku Mangalande, mapaundi 12,570 oyamba pa chaka alibe msonkho, koma pa otsalawo boma limatengako 20 pa 100 iliyonse. Kwa m'bale wathuyu ni mapaundi 207 pa mwezi. Palinso National Insurance, imene imadulidwa monga mmene NAPSA imadulidwila kuno, ndipo imatenga 83. Atsala na 1,793, ya penshoni tisanaichotse. Tiike 650 ya chipinda chimodzi m'nyumba yokhala na anthu ena, 250 ya chakudya, 100 ya basi, 100 ya foni na zina zing'onozing'ono. Izi n'zongoyelekeza, ndipo ku London lendi imapitilila apa. Zatsala zosakwana 700. Pa zimenezi m'pamene pachoke ya sukulu ya mng'ono wake, ya mankhwala a amayi, ya malilo, na tikiti ya ndeke akafuna kubwela.

Amene amavutika na vidiyo yodula pakati ni anthu awili. Woyamba ndinu amene munaijambula. Banja lonse lamva K62,000, ndiye mukatuma K3,000 ati mwakhala woumila. Mumayamba kugwila mashifiti a usiku motsatizana kuti mufike pa nambala imene munadzichulila nokha.

Wachiwili ni uja wa ku Matero kapena ku Chipata amene amagulitsa puloti ya makolo, kapena kutenga kaloba, kuti alipile ejenti. Apa m'pamene vidiyo imafika popweteka, chifukwa malamulo anasintha koma mavidiyo akale akali kuzungulila pa WhatsApp opanda deti. Kuyambila pa 11 Malichi 2024, wopita pa viza ya nchito yosamalila okalamba saloledwa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Kuyambila pa 22 Julayi 2025, boma la Britain linatseka njila yolemba anthu atsopano ochokela kunja pa nchito imeneyi. Ndiye vidiyo ya mu 2022 yokamba kuti "bwelani na banja lonse" lelo ni nyambo ya akuba. Ejenti amaitumiza kwa anthu, n'kuuza munthu kuti alipile kuti amupezele Certificate of Sponsorship, pepala limene bwana wolemba nchito ndiye amapeleka ndipo siligulitsidwa.

Tidziwa zimene mudzayankha. Ena mudzati simufuna kudandaulitsa amayi. Koma amayi amene analela ana pa ndalama ya pamsika amadziwa kuti lendi ni chani, ndipo adzadandaula kwambili tsiku limene adzamva kwa anthu ena kuti muli na nkhongole. Ena mudzati foni ni yanu, mujambula zimene mufuna. N'zoona, ngati mwatumila mlongo wanu yekha. Mukaiika pa Facebook kuti aliyense aone, mwayamba kuulutsa nkhani, ndipo ife a pa wailesi tidziwa kuti mau akatuluka sabwelela. Ngati tauza omvela mtengo wa feteleza wa chaka chatha monga wa lelo, mlimi amene wakwela basi pachabe amabwela kwa ife.

Sitikupemphani kuti mulile pa kamela, kapena kuti muleke kutionetsa zabwino. Tipempha zinthu zitatu chabe. Kambani mwezi na chaka poyamba pa vidiyo, na mtundu wa viza imene munapitila. Mukachula malipilo, chulani imene imalowa mu akaunti, osati ya pamwamba pa pepala. Ndipo pa vidiyo imodzimodziyo kambani lendi yanu na maola amene munagwila kuti ndalamayo ikwane.

Na ife oonela, tisanatumize vidiyo ku gulu la banja, tiyambe tafunsa m'makomenti kuti inajambulidwa liti, ndipo lendi ni zingati. Amene akana kuyankha mafunso awili awa, musamupatse ngakhale ngwee imodzi.