Si "Chabwino" Aliyense Amene Ali Wabwino

Pa mawu onse amene mphunzitsi wa zilankhulo ziwiri amamasulira pa tsiku, ovuta kwenikweni si mawu aatali. Dzina la chiwalo cha thupi kapena la chida cha masamu tikalipeza kamodzi m'Chipwitikizi, talipeza basi. Ovuta ndi timawu toyankhira tija: "chabwino", "kaya", "tamva". Timawuti n'tatifupi pakamwa, koma timanyamula mtima wonse wa woyankhayo, ndipo mtimawo suoneka m'zilembo. Maganizo athu ndi akuti mawu otere tisamawaphunzitse pa mndandanda, liwu la Chinyanja uku ndi la Chipwitikizi uko. Tiziwaphunzitsa ali m'kati mwa kukambirana, chifukwa tanthauzo lake limakhala m'menemo.

Chinyanja si chachilendo m'sukulu za Mozambiki. Pakati pa 1993 ndi 1997, ntchito yoyeserera ya PEBIMO inaphunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, ndipo kuyambira 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'sukulu za boma. M'dongosolo limeneli mwana amayamba kuwerenga ndi kulemba m'chilankhulo cha kwawo, Chipwitikizi n'kumachimva ndi kuchilankhula pang'onopang'ono, kenaka m'makalasi otsatira Chipwitikizi chimatenga malo aakulu. Pa mlatho umenewu ndi pamene timawu toyankhira timatayika. Mwana wa ku Metangula kapena ku Kobwe amafika ku sukulu akudziwa kale kusiyanitsa "chabwino" wa amayi ake akamakondwa ndi "chabwino" wa amayi omwewo akapsa mtima. Akauzidwa kuti "chabwino" ndi "está bem" n'kuthera pomwepo, ndiye kuti walandidwa nzeru imene anabwera nayo.

Tiyeni titenge chitsanzo cha padoko, chimene mwana aliyense wa m'boma la Lago angachizindikire. Msodzi wafika m'mawa ndi ndowa ya usipa, ndipo mayi wogula wamuimika.

Wogula: Ndowa iyi ndikupatsani mametikali 400.
Msodzi: Onjezerani pang'ono, mayi, usiku kunali mwera.
Wogula: Ndalama zanga zathera pomwepo.
Msodzi: Chabwino.

Kodi usipawo wagulidwa? Pa pepala sitingadziwe. Tiyenera kuona msodziyo katatu.

Poyamba, tinene kuti mtengo umene anali nawo mumtima unali 400 womwewo, ndipo kupempha zoonjezera kunali kungoyesa mwayi. "Chabwino" wake atuluka msanga, mawu ali opepuka, dzanja likunyamula kale ndowa. Apa msodzi wavomera ndi mtima wonse, ndipo Chipwitikizi choyenera ndi "combinado".

Kachiwiri, tinene kuti dzuwa lakwera, wogula wina palibe, ndipo usipa wayamba kufewa. Msodzi ausa moyo, akoka mawu, maso ali kunyanja. Wagulitsa ndithu, koma wagonja chifukwa chosowa pothawira. Liwu lonyamula mtima umenewu ndi "paciência", mwina ndi kuonjezerapo "leva".

Kachitatu, tinene kuti pambali paima ogula ena awiri. Msodzi anena "chabwino" modula, avundikira ndowa, natembenukira kwa ogula enawo. Apa sanavomere chilichonse. Watseka nkhani. M'Chipwitikizi tinganene "então deixa".

Liwu ndi limodzi, koma pawiri usipa wagulidwa, pamodzi sunagulidwe. Womasulira amene alemba "está bem" malo atatu onsewo wauza owerenga kuti malonda achitika ngakhale pamene sanachitike. N'zoona kuti "está bem" nayenso amasintha mtima pakamwa pa munthu wodziwa bwino Chipwitikizi. Koma mwana wa kalasi yachinayi amangodziwa "está bem" mmodzi, wovomera uja, ndipo pa bolodi kapena m'buku mulibe kuusa moyo kotithandiza.

Kuchokera pa chitsanzochi tikupeza mafunso atatu oti tizidzifunsa tisanamasulire yankho lalifupi. Loyamba: akuyankha ndani, ndipo akuyankha yani? Lachiwiri: chanenedwa n'chiyani yankholo lisanadze, funso, lamulo, pempho kapena chidzudzulo? Lachitatu, limene limaulula zambiri: chachitika n'chiyani pambuyo pake? Kamvekedwe ka mawu ndi nkhope zimathandiza, koma zimatha kutinyenga. Zochita sizinyenga kawirikawiri. Ndowa ikanyamulidwa kapena ikavundikiridwa, tanthauzo laonekera.

"Kaya" ndiye amavutitsa ana m'kalasi. Ambiri timathamangira kumumasulira kuti "não sei", ndipo nthawi zina n'zoona: mukafunsa mwana kumene kwapita mnzake, iye n'kuti "kaya", angakhale kuti sakudziwadi. Koma mukafunsa munthu ngati akufuna nsima ya chimanga kapena ya chinangwa, iye n'kuti "kaya", akutanthauza kuti chilichonse n'chabwino, ndiye kuti "tanto faz". Mukafunsa mkulu ngati bwato lichoke mwera ukuomba, iye n'kukoka mawu kuti "kayatu", sakunena kuti sadziwa. Akukayika, ndipo akukuchenjezani. "Duvido" ndiye wayandikira. Ndipo mayi akauza mwana wosamva kuti "kaya zako izo", wasamba m'manja, zimene m'Chipwitikizi zingakhale "o problema é teu". Mwana amene waphunzira kuti "kaya" ndi "não sei" yekha, tsiku lina adzayankha mlendo womupatsa chakudya kuti "não sei", ndipo adzaoneka wopusa pamene iye anafuna kuonetsa ulemu. Winanso amene wangogwira "tanto faz" adzauza mphunzitsi womufunsa funso la masamu kuti "tanto faz", n'kulangidwa ngati wamwano. Onse awiri sanalakwe m'maganizo. Anapatsidwa kiyi mmodzi wa zitseko zinayi.

Choopsa kwambiri chimachitika kunja kwa kalasi. Mphunzitsi wa zilankhulo ziwiri ndiye amaitanidwa kumasulira pa msonkhano wa makolo, makamaka pamene mkulu wa sukulu kapena mlendo wochokera ku Lichinga salankhula Chinyanja. Tinene kuti mlendoyo wapempha kuti banja lililonse liumbe njerwa za chipinda chatsopano mwezi usanathe. Makolo akhala chete, kenaka mkulu mmodzi ati, "Tamva." Mneni "kumva" ndi wotakata: amanena za khutu, za kumvetsa, ndiponso za kumvera. Mphunzitsi akamasulira kuti "concordamos", ndiye kuti wavomera m'malo mwa mudzi wonse, ndipo mawuwo alembedwa m'buku la msonkhano. Mwezi ukatha njerwa palibe, makolo adzatchedwa abodza, pamene iwo anangonena kuti uthenga wafika. Akale anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika: munthu waulemu sakana mlendo pamaso, amalandira mawu kenaka amakakambirana ndi anzake. Kumasulira kolungama apa ndi "ouvimos". Ngati mlendoyo akufuna kudziwa ngati agwirizana nazo, mphunzitsi abwerere kwa makolo ndi funso lolunjika koma laulemu: "Bambo, kodi tiwauze alendowa kuti mwavomera, kapena mukufuna mukayambe mwakambirana?"

Pano pali malire amene tiyenera kuwalemekeza. Kupeza mtima wa yankho sikutipatsa ufulu woikamo mtima umene mwini wake sanauonetse. Nthawi zina munthu amasankha dala liwu lobisa, kuti asakane ndiponso asavomere. Womasulira akatulutsa poyera mkwiyo umene mkuluyo anaukwirira, wamuvula pagulu. Lamulo lathu likhale lakuti pamene zochita zaulula tanthauzo, timasulire tanthauzolo; pamene mwini wabisa dala, tisankhe liwu lobisa mofananamo, kapena timufunse. Tichenjerenso ndi zizindikiro za thupi. Mwana amene wayankha "chabwino" atazolika sikuti wakwiya. Kwathu kuno kusayang'anitsitsa wamkulu m'maso ndi ulemu.

Ena anganene kuti ana oyamba kumene Chipwitikizi amafunika zinthu zosavuta, ndipo matanthauzo atatu pa liwu limodzi angawasokoneze. Mfundo imeneyi ili ndi nzeru, ndipo sitikunena kuti mwana wa kalasi yoyamba apatsidwe zonse tsiku limodzi. Ayambe ndi tanthauzo lofala. Koma kusiyanitsa mitima ya "chabwino" si katundu watsopano kwa iye, pakuti amachita zimenezi tsiku ndi tsiku kunyumba. Chatsopano ndi mawu a Chipwitikizi okha, ndipo atatu si ambiri.

Phunziro limodzi la mphindi 45 likwanira. Lembani kukambirana kwa padoko kuja pa bolodi m'Chinyanja. Itanani ana awiri asewere katatu, inu mukunong'oneza wosewera msodziyo zimene zili mumtima mwake pa ulendo uliwonse. Anzawo anene m'Chinyanja zimene aona: wakondwa, wagonja, wakana. Musalowetse Chipwitikizi mpaka atagwirizana pa zimenezi. Kenaka onetsani mapepala atatu olembedwa mayankho a Chipwitikizi aja, ndipo ana asankhe pepala la ulendo uliwonse, akufotokoza chifukwa chake. Pomaliza, gulu lililonse lilembe mzere wachisanu, mawu amene mayi wogula anganene atamva yankholo.

Mzere wachisanuwo ndiwo muyeso wanu. Ngati pambuyo pa "então deixa" ana alemba kuti mayi akuwerenga ndalama, ndiye kuti sanamve, ndipo sewerolo libwerezedwe. Ngati alemba kuti mayi akuonjezera mametikali 50 kapena akuchoka, amva. Chizindikiro china cha vuto ndi pamene kalasi yonse isankha pepala limodzi pa maulendo onse atatu. Kawirikawiri zimatero chifukwa Chipwitikizi chinalowa msanga, ana asanatchule mtima wa msodzi m'chilankhulo chawo. Polemba nkhani, aphunzitseninso kuika timawu tobwezera zimene pepala lameza: "anatero mosangalala", "anatero monyinyirika", "anatero akuvundikira ndowa".

Kumbukiraninso kuti Chinyanja cha m'mbali mwa nyanja sichifanana m'zonse ndi cha ku Angoniya kapena cha pa wailesi za ku Malawi, ndipo m'midzi ina ya ku Lago mumamvekanso Chiyao. Mukafika pa sukulu yanu, khalani ndi kabuku kolembamo mayankho afupiafupi amene mukuwamva padoko, kumsika ndi pabwalo la amfumu. Pa yankho lililonse lembani zinthu zitatu zija: ananena ndani kwa yani, chinatsogola n'chiyani, ndipo chinatsatira n'chiyani. Masamba khumi a kabuku kotere adzakupatsani zokambirana za chaka chonse, ndipo adzakutetezani tsiku limene mudzi wonse udzati "tamva", mlendo akuyembekezera kuti inu munene zimene anthuwo akutanthauza.