Pa LinkedIn, musagulitse digiri, gulitsani yankho

Ambiri amene tinaphunzira za maakaunti tikatsegula LinkedIn timalemba ngati tikufunsira ntchito kubanki. Timandandalika digiri, dipuloma ndi mapulogalamu a pakompyuta amene timawadziwa, kenako n'kumadikira. Pakatha miyezi itatu, amene asonyeza kukondwa ndi mapositi athu ndi anzathu a m'kalasi okhaokha, ndipo palibe mwini shopu ngakhale mmodzi amene wafunsa mtengo. Vuto si LinkedIn ayi. Vuto n'lakuti munthu wa golosale sagula digiri. Iye akufuna kudziwa chinthu chimodzi: bwanji ndikugulitsa tsiku lililonse koma mashelefu akunka naphwa?

Tiyambe ndi chilungamo. Mayi wa kaokala ku Ndirande kapena ku Chinsapo mwina sanamvepo n'komwe za LinkedIn, bandulo yake ndi ya WhatsApp ndi Facebook. Amene mungawapeze pa LinkedIn ndi ena: munthu wa pantchito amene ali ndi golosale kapena butiki yoyendetsedwa ndi mlamu wake, mwini hadiweya amene amagulitsa katundu kumasukulu ndi kumabungwe, komanso ogwira ntchito yopereka ngongole amene tsiku ndi tsiku amabweza amalonda chifukwa alibe mabuku. Wa pantchito uja ndiye woyenera kumuganizira kwambiri. Sakhala pashopu, sadziwa zimene zikuchitika masana, ndipo mwezi ukatha amatapa pamalipiro ake kuti akapikule katundu. Ameneyo akuvutika kale mumtima, ndipo ndalama yokulipirani ali nayo.

Poyambira ndi pa kamzere ka pansi pa dzina lanu, kotchedwa Headline. Kamzereka kamaoneka paliponse pamene mwalemba kapena kuyankha, choncho ndi chikwangwani chanu. Kulemba kuti ndinu omaliza maphunziro amene akufuna mwayi sikuuza munthu wa shopu chilichonse. Lembani zimene mumachita, amene mumawachitira, ndi kumene muli: "Ndimathandiza eni magolosale ndi mahadiweya ku Lilongwe kudziwa phindu lawo lenileni mwezi ndi mwezi." Mukhoza kuzilemba m'Chingerezi, koma ganizo likhale lomwelo. Digiri ija ipite m'munsi, pamalo a maphunziro, pamene munthu angakaione akakhala kuti wakopeka kale.

Tsopano positi yeniyeniyo. LinkedIn imaonetsa mizere yochepa yoyamba, yotsalayo imabisika mpaka munthu atadina kuti aone zonse. Mukayamba ndi malonje ataliatali, mwataya malo. Yambani ndi funso lake lija, kenako muyankhe ndi manambala. Tiyerekeze golosale imene pamwezi yagulitsa katundu wa K3,000,000, katundu amene mwini wake anamupikula pa K2,550,000. Kusiyana kwake ndi K450,000, ndipo ambiri amaima pomwepa n'kumati ndiye phindu. Koma pali lendi ya K80,000, malipiro a wogulitsa K130,000, thiransipoti ndi magetsi K70,000. Zonsezi pamodzi ndi K280,000, kutanthauza kuti phindu lenileni ndi K170,000.

Nkhani sinathere pamenepo. M'mwezi womwewo, shuga, sopo, mafuta ophikira ndi ndalama zimene zatengedwa kupita kunyumba zakwana K110,000, ndipo anthu a "ndipereka pakutha pa mwezi" sanabweze K85,000. Zatuluka ndi K195,000 pamene phindu linali K170,000. Ndalama yokapikulira katundu yatsika ndi K25,000, ngakhale shopu sinagone tsiku limodzi osagulitsa. Positi yotere muimalize ndi chinthu chimodzi choti munthu achite lero lomwe: agule kope, alembe chilichonse chotengedwa kupita kunyumba kwa masiku 30. Simunapemphe ntchito, koma wowerenga amene shopu yake ili choncho wadziona yekha, ndipo waona kuti mukudziwa pamene pakudontha.

Manambala oterewa akhale ongoyerekeza, ndipo munene kuti ndi ongoyerekeza. Musajambule kope la kasitomala n'kuliika poyera, ngakhale mutaphimba dzina. M'tauni anthu amadziwana, ndipo amene waona kuti mwaulula za mnzake sangakupatseni mabuku ake.

Kulemba kokha sikukwanira, muyenera kupita kwa anthuwo. Pakabokosi kofufuzira lembani mawu ngati `owner` kapena `proprietor` pamodzi ndi `hardware` kapena `grocery`, musankhe People, kenako muchepetse ndi Locations kuti mutsale ndi a mumzinda wanu. Mukadina Connect, pamakhala mwayi wa Add a note, koma pa akaunti yaulere malo ake ndi ochepa ndipo mauthenga otere amakhala owerengeka pamwezi. Choncho musawamwaze. Sankhani anthu ochepa amene mwawerenga bwino za iwo, ndipo musagulitse kalikonse mu uthenga woyamba. Zingokwana kunena kuti: "Moni bwana. Ndaona kuti muli ndi hadiweya ku Area 25. Ine ndimalemba za mabuku a mashopu ang'onoang'ono, ndingakonde titalumikizana." Kutumiza mapempho ambirimbiri kwa anthu osakudziwani kuli ndi ngozi yake, chifukwa ambiri akakana, LinkedIn ikhoza kukuletsani kutumiza ena kwa kanthawi.

Akavomera, musathamange ndi mndandanda wa mitengo. Funsani funso limodzi losavuta kuyankha, monga lakuti ndalama zolowa pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba amazilemba pati. Eni mashopu ambiri amalandirira malonda panambala yomweyo imene amatumizira ndalama kumudzi, ndiye funsoli limawakhudza. Akayamba kufotokoza, apempheni kuti muone zolemba za mwezi umodzi wokha: kope la malonda, malisiti a kopikula ndi mndandanda wa ongongola. Apa zokambirana zimasamukira pa WhatsApp kapena pashopu penipeni, ndipo n'zoyenera. LinkedIn ndi pokumanirana chabe, ntchito imagwirikira kwina.

Ponena mtengo, nenani zimene munthu alandire: kubwera kamodzi pasabata, kuwerenga katundu pakutha pa mwezi, ndi tsamba limodzi loonetsa zogulitsa, zowonongedwa, phindu ndi ngongole. Nenaninso malire anu. Kulemba mabuku si kuchita oditi, ndipo ntchito ya oditi ili ndi anthu ake ovomerezeka ndi malamulo, amene amayang'aniridwa ndi ICAM ndi Malawi Accountants Board. Musadzitche dzina la udindo umene mulibe, ndipo musalonjeze kuti mumuchepetsera munthu msonkho wa ku MRA. Chimene mungalonjeze n'chakuti manambala amene adzapereke kumeneko adzakhala ndi malisiti kumbuyo kwake.

Mungadziwe bwanji ngati zikuyenda? Osawerenga zala zokwezedwa. Pansi pa positi yanu pali poonera ziwerengero, ndipo anthu akachulukirapo mumaona ntchito za amene aiwerenga. Mukapeza kuti ambiri ndi maakauntanti ndi ophunzira, ndiye kuti mukulembera anzanu, mwina chifukwa cha mawu a m'kalasi amene wa shopu sawagwiritsa ntchito. Bwererani ku mawu ake: mpamba, kupikula, ngongole, shoti. Chizindikiro chabwino n'chachete. Ndi uthenga wobwera mseri, kawirikawiri kuchokera kwa munthu amene sanayankhepo poyera, wonena kuti "zimene munalemba zija ndi za shopu yanga ndendende." Palibe amene amavomera pagulu kuti bizinesi yake ikudya mpamba. Uthenga umenewo ukafika, muuyankhe tsiku lomwelo, ndipo mufunse tsiku loti mukaone kopelo.