Dzina la tchaja lizitheka m'kamwa mwa wogula, tanthauzo libwere pambuyo

Anzanga a geni, ambiri mwa ife tikaganiza zoitanitsa matchaja ku fakitale ku Shenzhen atadindidwa dzina lathulathu, maganizo amathamangira kumudzi. Timafuna liwu lolemera, loti achimwene ku Lilongwe akaliona pachithunzi anene kuti mwana wathu wafika. Ine ndikuti dikirani kaye. Wogula tchaja kuno ku Scarborough si achimwenewo. Ndi mayi wa Chitamilu wa ku Malvern, mnyamata wa ku Philippines amene wangotsika basi pa Lawrence, agogo a Chitchaina a ku Agincourt. Ngati anthu amenewa sangathe kutchula dzinalo pouza mnzawo, ndiye kuti mwalipira ndalama yodindira chabe.

Tiyambe ndi liwu limene aliyense amalikonda: Mphamvu. Tanthauzo lake n'labwino zedi pa tchaja, palibe angatsutse. Koma lembani papepala, mupatse munthu amene anaphunzira kuwerenga m'Chingelezi. Zilembo zitatu zoyambazo amazidziwa ngati chidule cha mamailosi pa ola, ndipo "ph" amamuwerenga ngati "f". Akafika pa "mv" lilime lafa kale. Munthu sakonda kuchita manyazi pa kauntala, choncho amangoloza ndi chala n'kunena kuti "kabuluu ako". Mawa akafuna ina adzagula ya buluu iliyonse kwa aliyense. Vuto lomweli lili pa Mphezi, Nkhwazi, Ng'ona ndi Dzuwa. Mphezi ili ndi mlandu winanso: kampani ya Apple inatcha kale kapulagi ka ma iPhone akale kuti Lightning, kutanthauza mphezi yomweyo, ndiye tsiku limene mudzafotokozere kasitomala tanthauzo adzayesa kuti ndi tchaja ya iPhone yokha.

Mwayi wathu ndi wakuti Chichewa chili ndi mawu ambiri oyenda bwino, konsonanti imodzi kenako vawelo, monga ka-lu-lu kapena wa-la. Maphatikizo awiri kapena atatu, basi. Onani Oraimo imene yadzaza m'misika kwathu kuja. Ndani wa ife anayamba wafunsapo tanthauzo lake? Timangoitchula, ndipo timaikumbukira. Anker nayo, imene inayamba mu 2011, dzina lake ndi liwu la Chijeremani lotanthauza nangula, ndipo nangula alibe chochita ndi batire.

Sindikunena kuti tanthauzo tilitaye. Ndikuti ntchito yake yaikulu ndi kukulepheretsani kusankha dzina loipa. Moto ndi liwu losavuta, mtundu uliwonse ungalitchule, koma ndani akufuna tchaja yotchedwa moto itabayidwa pafupi ndi bedi usiku? Komanso Motorola ili kale ndi mafoni a Moto. Wala ndi lokongola kwa ife, kuwala, koma m'Chitagalogi, chinenero cha anzathu a ku Philippines, "wala" ndiye kuti palibe. Tchaja yotchedwa Palibe, tangoganizani. Changu ndinkaliona ngati lamphamvu kuposa onse chifukwa limanena zinthu ziwiri pakamodzi, kufulumira ndi umwini. Koma m'makutu a Mtamilu limamveka ngati liwu lawo la chigoba cha nkhono ya m'nyanja, chimene amachiomba kukachisi komanso pamaliro. Kumalo ena zimenezi sizingakhale nkhani. Kuno, kumene Atamilu ali paliponse mu Markham Road, ndi nkhani.

Liwiro lili ndi vuto lathu lomwe. Theka la ife tilemba Liwiro, theka lina Liwilo. Dzina limene eni ake amalilemba pawiri ndi lovuta kulisaka pa intaneti.

Langa lomwe latsala pa mndandanda ndi Kalulu. Maphatikizo atatu, palibe pokhumudwa, ndipo chithunzi cha kanyamako chimanena za liwiro popanda kumasulira. Ndikudziwa kuti wina pano aseka kuti Kalulu wa m'nthano ndi tambwali, ndiye mukugulitsa tchaja yopusitsa anthu. Nthabwala imeneyo ndiilandira, chifukwa oidziwa ndi ife tokha, ndipo munthu woseka dzina walikumbukira.

Mayeso ake safuna ndalama. Sankhani maina atatu. Pezani anthu asanu a zinenero zosiyana, osati Amalawi. Poyamba aonetseni dzina lolembedwa, inu muli chete, alitchule okha. Kenako imbirani ena asanu, mutchule dzina kamodzi kokha, iwo alilembe pa meseji. Ngati awiri alilemba mosiyana ndi inu, lisiyeni. Pakatha masiku atatu afunseninso kuti dzina lija linali chiyani. Ndipo musaiwale kufunsa kuti kodi likufanana ndi liwu lanji kwawo, makamaka lotukwana, chifukwa munthu waulemu sanena yekha.

Tsopano za mtundu wonse wa katundu. Tinene kuti mukuitanitsa zinayi: ya pakhoma yaing'ono, ya pakhoma yotha kutchaja laputopu, ya m'galimoto, ndi chingwe. Ena amafuna iliyonse ikhale ndi dzina lake, iyi Kalulu, iyo Njovu, inayo Kambuku. Zimakoma pokambirana, koma kasitomala sadziwa kuti Njovu ndi Kambuku wamkulu ndani, ndipo inu mwadzipatsa ntchito yophunzitsa anthu maina anayi m'malo mwa limodzi. Dzina likhale limodzi, manambala agwire ntchito yotsalayo: Kalulu 20, Kalulu 30, Kalulu 65. Nambala ikhale mawati enieni olembedwa pa tchajayo, pakuti wogula akaona 65 amayembekezera 65W. Ikakhala ya madoko awiri a USB-C imene mawati amagawikana mukabaya mafoni awiri, lembani zimenezo pabokosi. Ndipo ngati mukungotchula manambala otsatizana, dumphani 4, chifukwa m'Chitchaina amamveka ngati liwu la imfa.

Mbali ya malamulo ili ndi msampha umene ambiri sitiudziwa. Lamulo la zizindikiro za malonda la Canada sililola kulembetsa liwu limene ndi dzina la katunduyo m'chinenero china chilichonse. Ndiye kuti Tchaja kapena Chingwe simungawalembetse ngati dzina la tchaja kapena la chingwe, ngakhale ndi Chichewa. Mawu ongofotokoza katundu m'Chingelezi kapena m'Chifalansa nawonso amakanidwa, ndipo dzina la bambo anu lokha limavuta. Musanatumize chilichonse ku fakitale, lowani mu Canadian Trademarks Database ya ofesi ya CIPO, kusaka n'kwaulere. Matchaja ali m'gulu 9. Sakani dzina lanu komanso ofanana nalo pakamvekedwe, monga kusintha K kukhala C. Mukalembetsa, chitetezo chake ndi cha zaka 10, ndipo mumatha kuwonjezera.

Dzina la malonda silifunika kumasuliridwa, koma mawu onena kuti m'bokosimo muli chiyani ayenera kukhala m'Chingelezi ndi m'Chifalansa, choncho siyani malo pojambula bokosi. Siyaninso malo pa tchaja penipeni. Ku Ontario chinthu chobaya pakhoma chiyenera kukhala ndi chidindo chovomerezeka monga CSA, cUL kapena cETL, ndipo chidindocho, mawati ndi dzina lanu zonse zikulimbirana kankhope kosaposa kabokosi ka machesi. Dzina la zilembo zisanu ndi chimodzi limalowa bwino n'kuwerengeka. La zilembo khumi ndi ziwiri a fakitale adzalichepetsa mpaka mudzafuna magalasi. Funsaninso fakitale kuti satifiketi yawo ikuphimba katundu wodindidwa dzina lanu, ndipo akutumizireni nambala yake musanalipire dipoziti.