Mkwiyo Wathu Ndiwo Ukufalitsa Kanema Wachipongwe

Pali chizolowezi chimene chakhazikika m'makomo mwathu, ndipo tiyenera kuchitsutsa poyera. Kanema wachipongwe akatulukira pa TikTok kapena pa Facebook, timamuonera mpaka kumapeto, timamubwerezanso kuti titsimikize zimene tamva, kenako timamutumiza ku gulu la banja pa WhatsApp ndi mawu akuti, "Taonani zimene akuchita anthuwa." Mumtima timati tadzudzula. Chimene tachita n'chakuti tamugwirira ganyu mwini kanemayo, pa bandulo yathu yomwe.

Makina amene amasankha zoti tione pa foni samva zolinga za mtima. Amawerenga zimene chala ndi maso zachita, ndipo sazipatsa mtengo wofanana. Kudina Like n'kotchipa, munthu amadina ngakhale asanamve chiganizo chimodzi. Nthawi ndiyo yodula. N'chifukwa chake mu 2012 YouTube inayamba kukweza makanema potengera nthawi imene anthu atha akuwaonera, m'malo mongowerenga amene awatsegula. Mu 2020 TikTok nayo inafotokoza kuti kuonera kanema wautali mpaka kumapeto ndi chizindikiro cholemera kwambiri. Kusunga kanema kumauza makinawo kuti tidzamufunanso, ndipo kumutumiza kumawauza kuti angakokenso anthu ena.

Tiyerekeze makanema awiri usiku umodzi. Woyamba ndi wa mphindi zitatu, mphunzitsi akufotokoza kagawidwe ka chuma chamasiye. Timamulemekeza, choncho timadina Like pa sekondi yachisanu n'kupitirira. Kwa makinawo, taonera masekondi 5 mwa 180, ndiye kuti kanemayu watitopetsa. Wachiwiri ndi wa masekondi 40, mnyamata akunyoza akuluakulu. Timamuonera kawiri, masekondi 80, n'kudina Share. Ngakhale ndemanga yaukali imene tasiya pansi pake ikuwerengedwa ngati chidwi. Ndani mwa awiriwa adzaonetsedwa mawa kwa mwana wa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota amene sakuwadziwa onse? Mboni ndi foni yathu yomwe: patangopita tsiku limodzi yadzaza ndi achipongwe ena, mphunzitsi uja osaonekanso.

Ena adzati choipa sichisiyidwa osadzudzulidwa. Tikuvomereza, ifenso timaphunzitsa zimenezo. Koma chenjezo silifuna kuti kanemayo ayende nalo. Tingauze abale ndi pakamwa kapena m'mawu olemba kuti pali zakutizakuti, osatumiza kanemayo. Pa TikTok, kugwiritsa chala pa kanema kwa kanthawi kumatulutsa mawu akuti Not interested, ndipo ngati waphwanya malamulo a tsambalo pali Report. Apo ayi, tingomudutsa m'masekondi awiri oyambirira.

Nanga mphunzitsi uja, amene tinamupatsa Like yaulemu n'kumusiya akulankhula yekha? Ngati tikufunadi kuti ana athu akumane naye, timuonere mphindi zonse zitatu, timusunge, ndipo malo amene tikanapatsa wachipongwe m'gulu la banja tiwapatse iye.