Ichi chakoma, ichi chakoma: tisankhepo mafuta amodzi

Mafuta akasowa, aliyense pa Nguludi amasanduka katswiri. Anyamata a kabaza amene amadikira ophunzira a ku Yunivesite ya Katolika ndi anthu opita kuchipatala cha St Joseph's amakhala pa njinga zouma matanki n'kumaunikira dziko nzeru. Wina amati tidzale msatsimanga tiziyenga tokha dizilo. Wina amati maiko ena galimoto zimayendera gasi yemweyu wophikira. Wachitatu amati nzimbe zili mbwee ku Chikwawa, tikuvutikiranji? Anyamatawa sindiwadzudzula. Amene ndimawadzudzula ndi akuluakulu ovala mataye amene amatchula bayodizilo, ethanolo ndi gasi pamodzi, ngati kuti ndi ana a mimba imodzi amene aliyense angalowe m'malo mwa mnzake. Zinthu zitatuzi n'zosiyana, ndipo chimodzi chokha ndicho chili ndi yankho la vuto lathu lero.

Tiyambe ndi injini, chifukwa ndiyo mwini nkhani. Injini ya petulo imayatsa mafuta ndi kamoto ka pulagi, choncho imafuna mafuta oleza mtima, osaphulika okha pulagi isanalamule. Injini ya dizilo ilibe pulagi yotero: imapanikiza mpweya mpaka utenthe, ndipo mafuta akangofayiridwamo amayenera kuyaka okha msanga. Ethanolo ndi gasi ndi a gulu loyamba, bayodizilo ndi wa gulu lachiwiri. Ndiye kuti njinga ya kabaza singalawe bayodizilo ngakhale dontho, ndipo chigayo cha dizilo kapena lole yonyamula nandolo kupita ku Limbe sizingapindule ndi ethanolo. Munthu akanena kuti "mafuta ena" osatchula injini, dziwani kuti sananene kanthu.

Ethanolo si mlendo m'dziko muno. Kampani ya EthCo ku Dwangwa inayamba kumutcheza mu 1982, ndipo PressCane ku Chikwawa inatsatira mu 2004. Amachokera ku molasesi, manyuchi akuda otsala popanga shuga. Amawasasitsa ngati mowa, n'kutcheza monga amachitira kachasu, kenako n'kuchotsamo madzi pafupifupi onse kuti athe kusakanizika ndi petulo. Muyezo umene dziko lino linasankha ndi wa malita 20 a ethanolo pa malita 100 alionse, umene amaulemba kuti E20, ngakhale kuti ethanolo akachepa muyezowo umatsika. Choncho mnyamata wa kabaza amene akufunsa kuti tidzayamba liti kuyendera nzimbe, akuyendera kale nzimbe kuyambira tsiku limene anagula njinga.

Koma tinene zoona zonse, osati zokoma zokha. Lita ya petulo ili ndi mphamvu pafupifupi mamegajulo 32, pamene lita ya ethanolo ili ndi 21 okha. Mukasakaniza pa muyezo wa E20, lita imatuluka ndi mphamvu yochepera pang'ono pa 30. Tiyerekeze njinga imene ikanayenda makilomita 40 pa lita ya petulo wosasakaniza: pa E20 iyenda pafupifupi 37. Kuti ifike pomwe paja ifuna lita ndi kadontho, ndipo mwa mafuta amenewo, ochokera kunja ndi osakwana lita. Mukawerengera bwino, dziko limapulumutsa pafupifupi malita 14 pa 100 alionse amene likanaitanitsa kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, osati 20 monga ena amanenera pa misonkhano. Komabe 14 si wochepa kwa dziko limene matankala ake amaima kudoko chifukwa chosowa ndalama zakunja. Kuwonjezera apo, ethanolo amathandiza petulo kuti asamaphulike nthawi isanakwane, vuto lija limamveka ngati injini ikugogoda pokwera chitunda.

Mdani wa ethanolo ndi madzi, ndipo apa ndi pamene nkhani imafika pa zigubu. Ethanolo amakonda madzi kuposa petulo. Chigubu chikakhala chosatseka bwino nyengo ya mvula kapena ya chiperoni, kapena chikakhala kuti munali timadzi pansi, ethanolo amamwa madziwo mpaka kukhuta, kenako amasiyana ndi petulo n'kukhazikika pansi. Njinga imayamwa mafuta kuchokera pansi pa thanki, ndiye choyamba kulowa mu kabuleta ndi madzi osakanizika ndi ethanolo. Njinga imatsamwa, imavuta kulira m'mawa, imazima pa chitunda, ndipo m'thanki mumayamba dzimbiri. Kuzindikira kwake n'kosavuta. Thirani mafutawo m'botolo loyera la galasi, lisiyeni kwa mphindi zingapo. Mafuta abwino amaoneka mbee kuyambira pamwamba mpaka pansi. Akaoneka achifunga, kapena mukaona mzere wolekanitsa magawo awiri, musathire m'njinga. Amakaniko ambiri akatsegula kabuleta n'kupeza zoyera ngati phulusa amatukwana ethanolo, pamene wolakwa ndi kasungidwe. Makamaka galimoto zakale ndizo zili ndi dandaulo lomveka, chifukwa mapaipi ena a labala akale amafewa kapena kung'aluka ndi ethanolo, ndipo mankhwala ake ndi kusintha mapaipiwo.

Tsopano bayodizilo. Anthu ambiri amaganiza kuti ukangofinya njere ndiye kuti wapeza dizilo. Ayi. Mafuta ofinyidwa kumene ndi olimba pafupifupi kakhumi kuposa dizilo, safayirika bwino, ndipo amasiya mwaye pa manozo mpaka injini kuyamba kufuka ndi kutha mphamvu. Kuti asanduke bayodizilo, malita 100 a mafutawo amafuna pafupifupi malita 20 a methanolo ndi soda woyabwa uja wopangira sopo. Akatenthetsa ndi kutakasa, giliserini amakhazikika pansi, ndipo zapamwambazo amazitsuka ndi kuziumitsa. Methanolo ndi poizoni wochititsa khungu, ndipo ife timachita kuitanitsa kunja. Kampani ya BERL, imene inalimbikitsa alimi kudzala msatsimanga m'malire a minda kuyambira cha m'ma 2006, inasankha njira yachidule yongosakaniza mafuta osefa bwino, malita 9 pa 100 alionse a dizilo. Ngakhale zinali choncho, mafuta a msatsimanga sanafike podzaza mapampu athu.

Chifukwa chake chili m'masamu a munda. Lita imodzi ya mafuta imafuna njere zouma pafupifupi makilogalamu 4. Tiyerekeze chigayo cha m'mudzi chimene chimamwa malita 10 pa tsiku: ndiye makilogalamu 40 a njere tsiku lililonse. Chikagaya masiku 300 pa chaka, chifuna makilogalamu 12,000, kapena matumba 240 a makilogalamu 50. Chigayo chimodzi chokha. Aliyense amene anayendapo m'midzi ya Chiradzulu akudziwa kuti kuno banja limadzala chimanga, nandolo, mbatata ndi mpiru pa kamunda kamodzimodzi. Matumba 240 a njere zosadyedwa achokera pa nthaka iti? Tikati tigwiritse soya kapena mpendadzuwa, ndiye kuti tikuthira m'thanki mafuta ophikira amene amayi akulephera kale kugula. Ndipo ngakhale atapezeka, bayodizilo ali ndi khalidwe lake: amatsuka litsiro lakale la m'thanki n'kutseka sefa ya mafuta m'masabata oyamba, amachepa mphamvu pang'ono poyerekeza ndi dizilo, komanso amaonongeka akasungidwa miyezi yambiri. Malo ake alipo, monga kusandutsa mafuta okazingira otha ntchito a m'mahotela a ku Blantyre, koma amenewo ndi madontho, si mtsinje.

Gasi ndiye wondidabwitsa kwambiri kuti amalowa nawo m'gululi. Gasi wa LPG sachokera ku mbewu. Ndi mbale wake wa petulo, amatuluka poyenga mafuta a pansi pa nthaka ndi pokumba gasi wachilengedwe, ndipo Malawi amaitanitsa yense kunja ndi ndalama zomwezo zikutisowazi. N'zoona kuti amayaka mwaukhondo, oyilo amachedwa kuda, ndipo ku Turkey, Poland ndi South Korea galimoto zambiri zimayendera iye. Koma kumeneko kuli malo omwetsera gasi m'misewu, ndipo chimene chimakopa madalaivala ndi msonkho wotsika. Galimoto imafunanso kuikidwa thanki yolimba yosunga gasi ali wamadzimadzi, imene imadzazidwa kufika magawo 80 pa 100 okha kuti gasi apeze pofufumira kukatentha, ndiponso chipangizo chomusandutsa mpweya asanalowe mu injini. Lita ya gasi ili ndi mphamvu pafupifupi mamegajulo 25, choncho galimoto imamwa malita ambiri kuposa a petulo. Poti amagulitsidwa pa kilogalamu, muyezo wosavuta ndi uwu: kilogalamu imodzi ya gasi imagwira ntchito ya pafupifupi lita ndi theka ya petulo. Yerekezani mitengo iwiriyo tsiku limene mukuwerenga ndemangayi, muwonjezepo mtengo wosinthira galimoto.

Chimene ndimaopa n'chakuti nkhaniyi ikamveka theka, wina adzamangirira silinda ya kukhitchini kumbuyo kwa minibasi ndi paipi ya labala. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya. Akadontha sauluka, amatsika n'kudikha pansi pa mipando kapena m'dzenje la pagalaja, kudikira munthu woyatsa fodya. Kilogalamu iliyonse ya gasi imene tagula ndi ndalama zakunja ili ndi ntchito yabwino kuposa imeneyo: kulowa m'malo mwa thumba la makala. Mapiri ometeka a Chiradzulu ndi Ndirande ndiwo mboni ya kumene gasi akufunika.

Ena anena kuti ndikutseka makomo, kuti dziko losauka liyese zonse. Dziko losauka ndilo lisamwaze mphamvu. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ethanolo ali ndi mafakitale awiri oimirira, luso la zaka zoposa 40, ndi galimoto zimene zikumumwa kale popanda kusinthidwa. Chomulepheretsa ndi chimodzi chodziwika: molasesi sakwana, ndipo amadalira nyengo yodula nzimbe. Pamenepo ndi pofunika ndalama ndi nzeru: nzimbe zina zolimidwira ethanolo mwachindunji, ndi matanki osungira kuti muyezo usamatsike miyezi ya mvula.

Kwa a MERA ndili ndi pempho limodzi lotsika mtengo. Lamulani kuti pa pampu iliyonse pazilembedwa muyezo wa ethanolo umene uli m'petulo wa nthawi imeneyo. Mnyamata wa kabaza wa pa Nguludi amawerengera phindu lake pa makilomita atatu aja amene amatayika pa lita. Iye ndiye akulipira gawo la ndalama zakunja zimene dziko likupulumutsa, ndipo ayenera kuuzidwa chimene akugula.